Kalembedwe ka mawu a vidiyo ya Khrisimasi yotumizira abale a mpingo amene ali kutali

Tchalitchi chathu ndi chaching'ono, nyumba ya mapemphero chabe, ndipo abusa amabwera kamodzi pa miyezi iwiri kudzagawa Mgonero. Lamulungu wamba tikakhala ambiri timakwana 70, ana ndi akulu omwe. Koma m'kaundula muli mayina 31 a anthu amene sitiwaonanso pa benchi. Ena ali ku Joni, ena ku Cape Town, awiri ali ku Mangalande, ena ku Tete, ndipo otsalawo amwazikana ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Zaka zinayi zapitazi ndine ndakhala ndikulemba mawu a vidiyo imene timawatumizira pa Khrisimasi, ndipo ndikufuna kukufotokozerani mmene timachitira, kuyambira pa pepala mpaka pa foni ya munthu amene ali kutaliyo.

Ndiyambe ndi chimene chinatichitikira chaka choyamba, chifukwa zambiri zimene ndinene zinachokera pamenepo. Sitinalembe kanthu. Tinangoimika foni pa tebulo la kutsogolo pambuyo pa mapemphero, n'kunena kuti amene ali ndi mawu abwere. Akulu a mpingo anayi analankhula, aliyense kuyamba ndi ulemu kwa onse mwandondomeko, kwaya inaimba nyimbo zitatu zathunthu, ndipo pakati pa zonsezi kunagwa mvula pa malata. Vidiyo inatalika mphindi 23, inakana kupita pa foni masiku awiri, ndipo itapita ambiri anangoonera poyambira. Koma chimene chinatiwawa kwambiri chinali china. Mkulu amene ankatchula mayina ankawachotsa m'mutu, ndiye anadumpha mayi wina wa ku Cape Town amene anaimba mu kwaya yathu zaka zambiri. Mayiyo sanadandaule pa gulu. Anangouza mchemwali wake kuti, "Basi kani kumeneko anandiika kale m'manda." Mawu amenewo sindinawaiwale.

Yambani ndi mayina, mawu abwera pambuyo

Ntchito yoyamba si kulemba moni ayi, ndi kulemba mndandanda wa anthu amene mukuwapatsa moniwo. Ife timayamba pakati pa Novembala. Ndimatenga kaundula wa mpingo, ndimalemba onse amene ali kutali, kenaka ndimapereka pepalalo kwa amayi a Chigwirizano, kwa wapampando wa achinyamata ndi kwa mphunzitsi wa Sande sukulu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani ya mayina amayi ndi amene amadziwa. Ndiwo amakuuzani kuti uje anakwatiwa, kuti uje anachoka ku Joni ali ku Durban tsopano, kuti banja la auje lili ndi khanda limene silinalembedwe paliponse. Lamulungu loyamba la Disembala timawerenga mndandandawo pa zolengeza, n'kufunsa kuti, "Alipo amene tamusiya?" Chaka chilichonse pamapezeka dzina limodzi kapena awiri.

Mukamalemba dzina, lembani mmene munthuyo amaitanidwira kwanu kuno, osati mmene lilili pa chiphaso. Ngati mudzi wonse umamudziwa ndi mfunda wake, kapena monga make a uje, kapena bambo a uje, lembani choncho. Munthu amene wakhala zaka zisanu akuitanidwa ndi dzina lachizungu pa ntchito, akamva dzina limene ankamuitanira agogo ake, ndi pamene amadziwa kuti vidiyoyo ndi yake.

Pali chinthu china chofunika kusamala pamenepa. Si onse amene ali kunja amene akufuna kuti dziko lonse lidziwe pamene ali. Ena mapepala awo sanalongosoke, ena anachoka pa zifukwa za m'banja, ena akubisala ngongole. Vidiyo ikangolowa pa WhatsApp siikhalanso yanu, imayenda mmene ikufunira. Ndiye musatchule dera limene munthu amakhala, dzina la abwana ake, kapena ntchito imene amagwira. "Abale athu a ku Joni" n'zokwanira. Ngati mukukayika za munthu wina, m'funseni kudzera mwa mbale wake ngati akufuna kutchulidwa. Wina akakana, m'tumizireni vidiyoyo payekha pamodzi ndi uthenga wa mawu wa iye yekha, asamve ngati mwamutaya.

Muyeze kaye kutalika kwake

Musanalembe liwu limodzi, gwirizanani kuti vidiyo idzatalika bwanji. Ife tinakhazikika pa mphindi pafupifupi zinayi ndi theka. Zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba ndi bandulo, yanu yotumizira ndi yawo yotsitsira. Chachiwiri ndi moyo wa anthu amene akuonerawo. Wosamalira okalamba ku Mangalande adzaonera pa nthawi yopuma, ataima m'khonde. Wogwira ntchito m'nyumba ya anthu ku Cape Town adzaonera usiku ali m'kachipinda kake, atatopa. Vidiyo yaifupi amaionera katatu kanayi, yaitali samaimaliza ngakhale kamodzi.

Mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo akuluakulu athu sathamanga polankhula. Nditayesa ndi wotchi, ndinapeza kuti mkulu wowerenga modekha amatha mawu pafupifupi 80 kapena 90 pa mphindi imodzi. Mukachotsa nthawi ya nyimbo ndi ya zithunzi zopanda mawu, pa mphindi zinayi ndi theka zija pamatsala mphindi zitatu zolankhula. Ndiye kuti mawu onse a vidiyo yonse asapitirire 270, kapena 300 mukachulutsa. Ndi tsamba limodzi la kope ndi kachidutswa. Anthu amadabwa akamva zimenezi, koma yesani nokha: lembani ndime, muwerenge mokweza ngati mukulankhula ndi apongozi anu, wina agwire wotchi.

Pa pepala, lembani mzere wotsika pakati. Kumanzere muzilemba chimene chikuoneka ndi amene akulankhula, kumanja mawu enieniwo, ndipo m'mphepete masekondi ake. Izi zimathandiza wojambula kudziwa pamene aime, ndiponso zimakuthandizani inuyo pamene mkulu wina wafuna kuwonjezerapo. Mumangomuonetsa pepala n'kumufunsa mwaulemu kuti, "Abambo, masekondi amenewa tichotse kwa ndani?"

Mawu amene tinagwiritsa ntchito chaka chatha

Nawa mawu athu, ndangochotsamo mayina. Musawakopere mmene alilimu, chifukwa zimene zili mkatimo ndi za kwathu. Muone kaikidwe kake.

Masekondi 15 oyamba palibe wolankhula. Foni ikuonetsa njira yolowera ku tchalitchi, mtengo wa mango wa pakhomo, ndi mnyamata akumenya chitsulo chathu, chimkombero cha galimoto chopachikidwa pa nthambi chimene chimatiitanira ku mapemphero. Kenaka ana a Sande sukulu ataima pa masitepe akufuula pamodzi kuti, "Khrisimasi yabwino, abale athu!" Chitsulo chimenecho musachione kuchepa. Mnyamata wina wa ku Joni anatiuza kuti atangochimva anaimitsa vidiyo, n'kutuluka panja kaye.

Kenaka mkulu wa mpingo, masekondi 35:

"Abale ndi alongo athu amene muli kutali, tikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Ife kuno tili bwino, Mulungu akutisunga. Malo anu pa benchi tikuwaona Lamulungu lililonse, ndipo mayina anu timawatchula m'mapemphero. Khrisimasi ino simudya nafe, koma ndinu athu, ndipo pano ndi panu. Landirani mafuno abwino kuchokera kwa abusa, akulu a mpingo ndi Akhristu onse."

Onani kuti mulibe mndandanda wa maulemu. Pa msonkhano timayamba ndi abusa, mafumu, akulu a mpingo, atumiki, mpaka kumapeto, ndipo n'koyenera. Koma muno olemekezeka ndi amene akuonerawo. Zimenezi kambiranani ndi akulu musanafike tsiku lojambula, kuti pasakhale wodabwa.

Gawo lachitatu ndi nkhani za kumudzi, masekondi 40, ndipo timapereka kwa mayi wa Chigwirizano ataima m'mbali mwa munda wa mpingo:

"Mvula inayamba bwino, chimanga chafika m'mawondo, anthu ali pa kalikiliki kupalira. Mango chaka chino abereka mpaka ana atopa nawo. Ngumbi zinatuluka sabata yatha, tinakukumbukirani. Denga la kuchipinda chopatulika lija tinalikonza, silikudonthanso. Ana asanu ndi mmodzi abatizidwa, ndipo achinyamata anayi alowa m'kalasi. Agogo athu awiri anatisiya chaka chino, monga munamvera, ndipo tinawaperekeza bwino."

Gawo limeneli ndi limene limafuna kuliganizira kwambiri. Chofunika ndi kutchula zinthu zimene munthu angazione m'maganizo mwake. "Zinthu zikuyenda bwino pa mpingo" sizimuuza kanthu. "Denga lija silikudonthanso" zimamubwezera pa benchi imene ankaisuntha pothawa madzi. Sankhani nkhani zinayi kapena zisanu, imodzi ya kumunda, imodzi ya nyengo, imodzi ya nyumba ya tchalitchi, imodzi ya anthu.

Za maliro, lamulo lathu ndi lakuti vidiyo isakhale njira yoyamba imene munthu amvere kuti mbale wake anamwalira. Tsimikizani kuti achibale onse anamva kale, funsani banja ngati likulola kuti mutchule dzina, ndipo nenani m'chiganizo chimodzi. Kusatchula n'komwe sikuli bwino, chifukwa amene sanathe kubwera ku maliro a mayi ake amafuna kumva kuti mpingo unaima m'malo mwake. Koma odwala musawajambule ali pa mphasa, ndipo matenda a munthu musawatchule.

Nanga za ndalama? Ndikudziwa kuti mpingo uliwonse waung'ono uli ndi chosowa, simenti, malata, yunifomu ya kwaya, ndipo maganizo amabwera akuti popeza tikulankhula ndi a kunja, tingotchulako. Musatero. Anthu amenewa foni zawo mu Disembala zimadzaza ndi mauthenga opempha feteleza, fizi ndi za Khrisimasi. Akangomva m'vidiyo mawu akuti "chitukuko chathu chikufunika thandizo lanu", moni wonse uja amauona ngati unali nyambo. Ngati wina anathandizapo pa denga lija, nenani kuti "tikuthokoza nonse amene munagwirapo dzanja", osatchula dzina kapena kuchuluka kwake, chifukwa wina amene ntchito inamuthera akuoneranso vidiyo yomweyo. Pempho la ndalama lili ndi nthawi yake ndi kalata yake, mwezi wina.

Mayina atchulidwe ndi eni ake

Gawo lachinayi ndi lalitali kuposa onse, mphindi imodzi ndi masekondi 10, ndipo ndilo mtima wa vidiyo. Poyamba tinkapereka mndandanda kwa munthu mmodzi kuti awerenge, koma zinkamveka ngati kuitana mayina m'kalasi. Tsopano timagawa mayinawo m'magulu anayi kapena asanu malinga ndi kumene anthu ali, ndipo gulu lililonse limatchulidwa ndi achibale awo ataima pamodzi. Mawu ake ndi ochepa: "Inu a ku Joni," kenaka mayina, kenaka onse pamodzi, "tikukusowani, Mulungu akusungeni." Dzina limodzi limatenga pafupifupi masekondi awiri, ndiye mayina 31 amakwana bwinobwino.

Mukamagawa, onetsetsani kuti aliyense walandira zofanana. Ngati mwana wa mkulu wa mpingo wapatsidwa uthenga wa masekondi 20 pamene ena angotchulidwa dzina, anthu adzaona, ndipo adzakamba. Ndipo amene alibe mbale wotsala pa mpingo, m'pezereni munthu, kaya mnzake wa mu kwaya, kaya mphunzitsi wake wa Sande sukulu. Mayi wa ku Cape Town uja chaka chotsatira anatchulidwa ndi kwaya yonse.

Agogo musawapatse pepala. Ambiri sawerenga, ndipo ngakhale owerenga akagwira pepala mawu awo amauma. Chimene ndimachita ndi kulemba funso m'malo mwa mawu. Ndimaika mdzukulu wawo kuseri kwa foni kuti aziyang'ana iye, ndipo mdzukuluyo amafunsa kuti, "Agogo, mukanakhala kuti mwamuona uje lero, mukanamuuza chiyani?" Chaka chatha gogo wina, titamufotokozera kuti mwana wake adzamuona, anayang'anitsitsa foni ija, n'kukonza duku lake, n'kufunsa motsitsa kuti, "Ali mmenemu?" Kenaka anaomba m'manja mwaulemu ngati akulonjera mlendo, n'kunena kuti, "Mwana wanga, uzidya. Ine ndilipo." Sitinadulepo chilichonse. Mawu ngati amenewo palibe mlembi angawalembe, ntchito yanu ndi kungowasiyira malo pa pepala. Ine ndimasiya masekondi 10 opanda mawu, n'kulembapo kuti "agogo". Jambulani nthawi yaitaliko, mudzasankha chiganizo chimodzi pambuyo pake.

Pambuyo pa mayina pamabwera Mawu a Mulungu, masekondi 30. Timasankha ndime ziwiri zokha, osati ulaliki. Chaka chatha anali Luka 2:10-11, pamene mngelo akuuza abusa a ziweto kuti asaope, chifukwa wabadwa Mpulumutsi m'mudzi wa Davide. Anawerenga mtsikana wa Sitandade 6, ndipo mkulu anawonjezera chiganizo chimodzi: "Uthenga umenewu unapeza anthu ali pa ntchito usiku, kutali ndi nyumba zawo, ndipo ukupezani inunso kumene muliko." Chiganizo chimodzi chotere, cholumikiza ndimeyo ndi moyo wa oonera, chimakwanira. Zaka zina mungatenge Yesaya 9:6 kapena Mateyu 2, pamene banja la Yesu linathawira ku Iguputo, nkhani imene anthu okhala m'dziko la eni amaimva msanga.

Kwaya ipatseni masekondi 50, ndime imodzi ndi kolasi. Apa pamakhala kukangana, chifukwa kwaya imafuna kuonetsa nyimbo yatsopano imene yakhala ikuphunzira. Koma a kutaliwo akufuna yakale, imene angathe kuyimba nawo. Tinagwirizana kuti m'vidiyo ya moni mulowe nyimbo ya m'buku imene aliyense anakula nayo, ndipo yatsopanoyo tiijambule payokha n'kuitumiza tsiku lina. Masekondi 30 otsiriza ndi pemphero lalifupi, ziganizo zitatu, lopempherera chitetezo pa ntchito, m'misewu ndi m'mabanja, kenaka mpingo wonse panja ukubayibitsa.

Ngati pali ana obadwira kunja amene Chichewa sachimva bwino, pezani wachinyamata anene chiganizo chimodzi cha iwo m'Chingerezi gulu lisanabayibitse. Chimodzi chokha, zotsalazo zikhale m'chinenero chathu.

Tsiku lojambula

Gawani mapepala sabata imodzi tsikulo lisanafike, aliyense kachidutswa ka mawu ake okha, olembedwa m'zilembo zikuluzikulu. Muwauze kuti asaloweze liwu ndi liwu, angogwira mfundo. Munthu akasintha mawu pang'ono koma akulankhula momasuka, musamubwereze. Wofuna kuwerenga, m'lembereni pa chikatoni, wina achigwire pafupi ndi foni kuti maso asamagwe pansi.

Ife timajambula Lamulungu lachiwiri la Disembala, kuti mvula ikatisokoneza tikhale ndi Lamulungu lina. Disembala ndi dzinja, ndipo mvula imakonda kubwera masana, choncho timayamba mapemphero asanayambe, anthu zovala zili zoyera, ana asanatope ndi njala. Zolankhula zonse timajambulira panja pa mthunzi, kumbali imene kulibe mphepo. M'kati mwa tchalitchi chopanda siling'i mawu amabwerera, ndipo mvula ikangowaza pa malata simumva kanthu. Kuwala kukhale kumaso kwa wolankhula. Mukamuimika pa khomo kapena pa windo kuwala kuli kumbuyo kwake, nkhope imada bii, mbale wake sangamuzindikire.

Pa zonse, mawu ndiwo ofunika kuposa chithunzi. Foni ikhale pafupi ndi wolankhula, ngati mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Akakhala patali mudzamva nkhuku ndi mbuzi bwino kuposa iyeyo. Wolankhula woyamba akangomaliza, imani, mumvetsere mwa kuika foni ku khutu kapena ndi mahedifoni. Ngati mukumva phokoso ngati la chimphepo, tembenukani kuti msana wa wojambula utchinge mphepo. Kwaya yokha ndiyo ijambulidwe chapatali pang'ono, ndipo ng'oma ikhale kumbuyo, apo ayi imameza mawu onse.

Sankhani kagwiridwe kamodzi ka foni, kuigoneka kapena kuiimika, ndipo musasinthe. Ife timaigoneka chifukwa magulu a anthu amakwana bwino. Pukutani galasi la kamera ndi nsalu, tchajani foni dzulo lake popeza magetsi sadalirika, fufutani zosafunika kuti malo akhalepo, ndipo ikani foni pa Flight mode kuti munthu asakuimbireni agogo ali pakati polankhula. Ngati mulibe choimikira, tsamiritsani foni pa mabuku a nyimbo pamwamba pa mpando wautali. Gawo lililonse lijambulidwe palokha, ndipo muziyamba kujambula masekondi awiri munthu asanayambe, n'kusiya awiri atamaliza, kuti podula musadye mawu.

Ana asanaonekere, makolo awo adziwe ndipo alole. Lengezani sabata imodzi tsikulo lisanafike kuti amene sakufuna kuoneka, kaya iye kaya mwana wake, aime kumbali popanda kufunsidwa chifukwa.

Kulumikiza ndi kutumiza

Kulumikiza zidutswazo mupatse wachinyamata amene amadziwa CapCut kapena InShot, koma m'patseninso pepala lija, ndipo mukhale naye. Muuzeni kuti asaikemo nyimbo za pa intaneti pansi pa mawu, maluwa ogwa, kapena zithunzi za chipale ndi mitengo ya Khrisimasi ya kunja. Anthu amenewa zimenezo akuziona m'mashopu tsiku lililonse. Chimene alibe ndi dothi lofiira la pakhomo pa tchalitchi. Posunga vidiyo asankhe 720p, imaoneka bwino pa foni ndipo siilemera kwambiri.

Musanatumize, anthu awiri aionere ali ndi mndandanda m'manja, azichonga dzina lililonse likamveka. Osati likaoneka pa pepala la mawu, koma likamveka m'vidiyo, chifukwa dzina limatha kudulidwa polumikiza kapena kumezedwa ndi kulira kwa mwana. Likasowa, bwererani mukajambule kachidutswa kena, ngakhale kukhale kunyumba kwa mbale wake. Kenaka aonere mkulu wa mpingo ndi kuvomereza.

Timatumiza pa 23 Disembala madzulo, kapena pa 24 m'mawa. Pa tsiku lenilenilo netiweki imadzaza, ndipo ambiri mwa iwo amakhala pa ntchito. Nthawi ya ku South Africa ndi ya ku Mozambique ndi yofanana ndi yathu, koma ku Mangalande mu Disembala amakhala m'mbuyo ndi maola awiri, ndiye mukatumiza 6 koloko m'mawa kwawo ndi 4 koloko usiku. Yesani kaye kutumizira munthu mmodzi, muone ngati yafika yonse ndi mawu ake. Pa WhatsApp mukaitumiza ngati vidiyo wamba imachepetsedwa ndipo imatsika msanga. Mukaitumiza ngati Document imafika mmene ilili koma imadya bandulo yambiri mbali zonse. Pa vidiyo ya moni njira yoyambayo ndi yokwanira. Ngati kwanu netiweki ndi yovuta, pitani pamene imagwira bwino, kaya pa tauni kaya pa chulu chodziwika chija, usiku kapena m'mamawa.

Musangoiponya pa gulu n'kukhala. Ena satsegula magulu, ena anasintha nambala. Gawanani mayina aja, aliyense atumizire anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi payekhapayekha, ndi kachiganizo kotchula dzina lake. Pa mndandanda muzichonga amene yawafika.

Pa Pasaka mafupa a vidiyo ndi omwewa, mumangosintha mnofu. Tsiku lake limasuntha chaka ndi chaka, pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, ndiye yang'anani kalendala msanga. Nkhani za kumudzi zimakhala za mondokwa, maungu ndi mtedza wauwisi, ndime ingakhale Luka 24:5-6, ndipo mawu oyamba akhale odekha kuposa a Khrisimasi ngati mukutumiza Lachisanu Loyera. Ife timatumiza Loweruka madzulo kuti aionere m'mawa wa kuuka kwa Ambuye. Kumbukiraninso kuti ku Mangalande amasuntha wotchi Lamulungu lotsiriza la Malichi, ndipo kuyambira pamenepo kusiyana kwathu ndi iwo kumakhala ola limodzi.

Chotsiriza chimene muyenera kulemba pa pepala lija ndi pempho la yankho. Pamapeto pa uthenga wotumizira vidiyo timalemba kuti, "Amene angathe atiyankhe ndi mawu kapena kavidiyo kosapitirira masekondi 30, tidzamvetsera tonse pa mapemphero a Chaka Chatsopano." Mayankhowo timawasonkhanitsa mu foni imodzi, timabwereka sipika, ndipo pambuyo pa zolengeza timawaika motsatana. Musanawaike amvereni kaye nokha, chifukwa ena amalankhula za m'banja zimene si za gulu, ndipo zoterozo muzipereke kwa eni ake okha. Amene sanayankhe musawatchule kuti sanayankhe. Mlembi angolemba mayina awo pambali, ndipo mkulu wa dera lawo awaimbire mu Januwale kumva ngati ali bwino.